Chikwanje chikaphonya, chimakathera kuti?

Bala la chikwanje lili ndi malo ake awiri: pamsongolo wa mwendo wamanzere ndi kuseri kwa dzanja lamanzere. Kwa munthu wogwira ntchito ndi dzanja lamanzere zimangotembenuka. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, anthu kuno ku Mangochi akamalowa m'matsala ndi m'madimba kukonzekera mvula, mabala omwewa amabwera chaka ndi chaka, ndipo mwini bala mukamufunsa amayankha chimodzi mwa ziwiri. Wina amati, "Chinangonjanja." Wina amati, "Chinangopitirira."

Awiriwa sanavulale mofanana. Chikwanje chonjanja ndi chomwe chalephera kulowa mu mtengo, mwina chifukwa n'chobuntha, n'chopepuka kuposa ntchitoyo, kapena chagwera chagada. Chopitirira ndi chomwe chadula mosavuta kuposa mmene mwini wake amayembekezera, mphamvu n'kutsala yambiri, ndipo chokhacho chomwe chinali patsogolo pake ndi mwendo. Zonse zokhudza kulemera kwa chikwanje, kaumbidwe kake, kanoledwe ndi kaimidwe ka munthu zimayankha funso limodzi lomweli: mukachiponya, chikaima pati?

## Kulemera kuyenderane ndi chodulidwa

Chikwanje cha m'sitolo chomwe ambiri tili nacho chimakhala ndi chitsulo cha mainchesi 18, omwe ndi masentimita pafupifupi 45, kuwonjezera chogwirira cha masentimita 13 kapena 14. Kumsana chimachindikala mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ngati kamtengo ka machesi, ndipo chonsecho chimalemera cha m'ma theka la kilogalamu mpaka magalamu 700. Zosula amisiri akumudzi kuchokera ku sipuling'i ya galimoto zimakhala zazifupi koma zochindikala, mamilimita anayi kapena asanu kumsana, ndipo zina zimayandikira kilogalamu yathunthu.

Anthu ambiri pogula amanyamula ziwiri, n'kusankha cholemera, akuti ndiye champhamvu. Pa mtengo akunena zoona. Mphukira ya mthethe yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi imafuna chitsulo cholemera, chifukwa mtengowo umameza mphamvu yonse ndipo chikwanje chimaima momwemo. Koma chitsulo chomwecho mukachiponya pa tsekera kapena pa ziyangoyango, palibe choti chichiimitse. Chimadutsa ngati sichinakhudze kanthu, ndipo amene ayenera kuchigwira ndi mkono wanu. M'mawa mkono umakwanitsa. Ikamakwana 10 koloko, ndi dzuwa la kuno la Okutobala, mkono umayamba kuchedwa, ndipo chikwanje chimapitirira ndi chikhatho chimodzi kuposa pomwe chimaima m'mamawa. Chikhatho chimodzicho ndi mtunda womwe unali pakati pa chitsulo ndi msongolo.

Udzu sumadulidwa ndi kulemera. Umadulidwa ndi liwiro, chifukwa ukamenyedwa pang'onopang'ono umangogona. N'chifukwa chake chikwakwa n'chachitali, chopyapyala, chopindika kumapeto kokha: kutalikako kumapatsa nsonga liwiro, kupindikako kumachititsa kuti mbali yakuthwa iyende chogona pamwamba pa nthaka munthu ali chiimire, ndipo chitsulo chonse chimadutsa patali ndi mapazi. Kutchetcha bwalo lonse ndi chikwanje utawerama n'kuvutitsa msana komanso kuika mwendo panjira.

Mbali inayo ilinso ndi malire. Mtengo ukaposa kunenepa kwa mkono pafupi ndi dzanja, masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi wa nkhwangwa kapena sowo. Chikwanje chingaudule, inde, koma pomenya kakhumi kapena kakhumi n'kasanu, ndipo pa kumenya konseko kumodzi kudzagwera pambali.

## Mutu waukulu, mimba yowonda

Taonani chikwanje chathu chija chili pansi. Pafupi ndi chogwirira n'chowonda, masentimita anayi kapena asanu m'lifupi. Chimanka chikula mpaka kumutu, komwe chimafika masentimita asanu ndi awiri kapena kuposa, ndipo mbali yakuthwa imakhota kukwera m'mwamba. Kukula kwa mutuko n'kumene kumakokera kulemera kutsogolo popanda kuchindikalitsa chitsulo. Mukachigoneka pa chala kuti chiime osagwera mbali iliyonse, mupeza kuti chalacho chili masentimita 12 mpaka 15 kutsogolo kwa chogwirira. Chikaima pafupi kwambiri ndi chogwirira, chimamveka chopepuka ndi chomvera m'manja koma sichiluma mtengo. Chikaima kupitirira pakati pa chitsulo, chimadula ngati kankhwangwa koma n'chovuta kuchibweza, ndipo madzulo chigongono chimadandaula.

Palinso zikwanje zoongoka, zofanana m'lifupi kuchokera kuchogwirira mpaka pafupi ndi nsonga. Zimenezi n'zabwino pa bango lauwisi, nsenjere, makhwatha a nthochi ndi ziyangoyango, komwe liwiro ndi lofunika kuposa kulemera. Zokhota ngati mlomo wa kabawi, zonoledwa mkati mwa kukhotako, zimakola nthambi n'kuikokera ku mbali yakuthwa m'malo moikankha, ndipo pa minga ndi pa mpanda wa zitsamba palibe chozipambana. Vuto lake n'lakuti sizifika bwino pansi, ndipo kuzinola kumafuna tupa yobulungira.

Chikwanje chilichonse chili ndi malo amodzi pomwe chimadula bwino koposa. Si kunsonga ayi. Ndi chakutsogolo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuchokera kuchogwirira, pomwe mutu ukuyamba kukula. Kuwapeza n'kosavuta: menyani pang'onopang'ono chipika chouma, kuyambira pafupi ndi chogwirira, mukusuntha pang'onopang'ono kupita kunsonga. Pafupi ndi dzanja chimagunda molimba n'kukankha chikhatho. Kunsonga chimanjenjemera n'kufuna kutuluka m'manja. Pakatipo pali pomwe chimangoti thi, dzanja osamva kanthu. Pamenepo ndi pomwe muyenera kuimira mtunda wanu ndi mtengo. Munthu woima patali n'kumadulira kunsonga ndiye amanena kuti chinangonjanja, chifukwa kunsonga mbali yakuthwa yakhota, ndipo ikakumana ndi khungwa losalala imatsetsereka.

## Musanapereke ndalama

Wogulitsa pamsika adzakuuzani kuti, "Ichi ndiye chenicheni, bambo, taonani chizindikiro." Zikwanje za chizindikiro cha ng'ona za Martindale ya ku England ndi za Tramontina ya ku Brazil n'zodziwika m'mayiko ambiri, koma chizindikiro aliyense angadinde, ndiye yesani chitsulocho.

Ikani nsonga pa thabwa, gwirani chogwirira, n'kukanikiza kuti chitsulo chipindike pang'ono, zala zitatu kapena zinayi kuchoka pomwe chinali. Mukachisiya chibwerere n'kuongoka. Chikatsala chokhota, n'chofewa, ndipo mbali yakuthwa izidzapindika nthawi iliyonse ikakumana ndi mfundo ya mtengo. Kenako dutsitsani tupa kamodzi. Iyenera kuluma n'kutulutsa tizitsulo, koma mukumva kuti ikulimbana nacho. Ikamangotsetsereka ngati pagalasi, chitsulocho chinaumitsidwa mopitirira ndipo chidzabenthuka, mwinanso kuthyoka. Izi zimachitika kawirikawiri ndi zosula pamanja, mmisiri akachiviika m'madzi chili chofiira n'kusachibwezeranso pamoto pang'ono kuti chifeweko. Tupa ikamadya mosavuta ngati mukupala msomali, n'chitsulo chamba chosaumitsidwa.

Pomaliza chiyang'aneni kuchokera kuchogwirira, diso limodzi, monga amayang'anira thabwa akalipentala. Chikhale choongoka, chosapotoka. Chopotoka chimalowa mu mtengo chokhota n'kutulukira komwe simunafune.

## Kunola: mpata wowala ukuuzani

Chikwanje chatsopano sichinanoledwe. Amangochipala pang'ono kufakitale, ndipo ntchito yoyamba ndi yanu. Tupa yafulati ya mainchesi 8 kapena 10 ndi yokwanira, koma ikhale ndi chogwirira. Tupa yopanda chogwirira imalasa chikhatho. Khomererani chikwanje pa chipika kapena pa benchi kuti chisasunthe, ndipo tupa muziikankha kuchokera kumsana kupita kumbali yakuthwa, kuti dzanja likaterereka lithawire kunja. Tupa imadya popita pokha. Poibweza muziinyamula.

Ambiri amafunsa kuti tupa ipendekeke bwanji. Musavutike ndi madigiri, yang'anani mpata wowala womwe tupa ikusiya m'mphepete. Pa chitsulo cha mamilimita awiri, mpatawo ukakhala mamilimita anayi mbali iliyonse, timitengo tiwiri ta machesi togundizana, mbali ziwirizo zimakumana pa madigiri pafupifupi 30. Kumeneko ndi kunola kwa udzu, bango lauwisi ndi zomera zofewa. Mpatawo ukakhala mamilimita atatu, zimakumana pa madigiri pafupifupi 40, ndipo uku ndi kunola kwa mitengo, kolimba, kosabenthuka msanga. Pa chikwanje chosula chochindikala mipatayi iyenera kukula molingana, apo ayi chimakhala ngati chitsulo chong'ambira nkhuni, chimene chimanjanja m'malo molowa.

Chikwanje chimodzi mungachinole mitundu iwiri. Pamalo odulira mitengo aja pakhale mpata waung'ono, ndipo m'mphepete mwa mpatawo muchotse ngodya kuti pakhale pobulungira pang'ono, chitsulo chisamakanirire mu mtengo. Chapakati, kumbuyo kwake, mungapyapyalitse kuti muzisendera ndi kusongolera. Koma masentimita 8 kapena 10 oyandikana ndi chogwirira musawanole n'komwe. Sadula kanthu pa ntchito ya kutchire, ndipo ndi pomwe chala chimakathera dzanja likatsetsereka ndi thukuta.

Mudziwa kuti mbali imodzi yatha mukasisita ndi chala kuchokera kumsana kutsikira m'mphepete mwa mbali inayo n'kumva kachitsulo kopyapyala katapindikira uko, kuchokera poyambira mpaka kunsonga. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenako kachitsuloko mukachotse ndi mwala wonolera wonyowa. Kuti muone ngati chathwa, lozetsani mbali yakuthwa kudzuwa. Pakuthwa sipaoneka. Pomwe pakunyezimira ndi pobuntha.

Makina onolera a kwa owotcherera zitsulo amafulumira, koma amawotcha. Mukaona m'mphepete mwasanduka mtundu wa udzu wouma, kenako wobiriwira ngati mtambo, dziwani kuti kutentha kwafika cha m'ma madigiri 300 ndipo pamenepo pafewa. Padzabuntha msangamsanga mpaka mutapala chitsulo chonse chopsacho. Ngati mukunoletsa pamakina, pakhale chidebe cha madzi, ndipo wonolayo aziviika pafupipafupi chitsulo chisanasinthe mtundu. Chikwanje choiwalika m'munda moto wolusa n'kudutsapo, kapena chosonkhezera moto wa zinyalala, chimafa imfa yomweyi.

## Tsala la mamita 20 m'lifupi ndi 25 m'litali

Titenge munda ngati omwe ali m'mbali mwa Shire pakati pa boma la Mangochi ndi nyanja ya Malombe, wogona zaka zitatu. Kumunsi, chakumadzi, kuli bango ndi nsenjere. Pakati pali udzu wofika m'chiuno wokwerana ndi chitedze. Kumtunda kuli zitsa zakale zomwe zaphukira mthethe ndi kankhande, tchire la mlaza pang'ono, ndi miyala yobisika m'udzu. Ogwira ntchito ndi awiri. Zida ndi chikwakwa, chikwanje cha mainchesi 18, nkhwangwa, tupa m'thumba, ndi ngowe ya munthu aliyense, yotalika mita imodzi, ya mtengo wouma wolimba.

Ntchito yoyamba si kudula. Ndi kuyenda m'mundamo ndi ngowe, kugogoda tchire lililonse ndi kuyang'ana m'munsi mwa nthambi. Mavu amamanga pansi pa masamba, pamsinkhu wa nkhope, ndipo munthu wolumidwa ali ndi chikwanje m'manja amayamba kudzikupiza nacho. Mphiri siithawa phokoso ngati njoka zina. Imangogona pomwepo, n'chifukwa chake dzanja silipisidwa m'udzu womwe maso sanaone pansi pake. Kumadzi, kumbukirani kuti Shire ndi Malombe zili ndi ng'ona, ndipo munthu woweramira bango atafulatira madzi akuziitana.

Kenako chitedze, mame asanaume. Ubweya wake ukanyowa suuluka kwambiri. Imani kumene mphepo ikuchokera, pezani tsinde pansi, lidulani kamodzi, n'kukoka chiyangoyango chonse ndi ngowe pang'onopang'ono. Kuchikwapula m'mwamba n'kudzithira nokha. Pambuyo pake chikwakwa chilowe pa udzu wonse, kuti zitsa ndi miyala zionekere. Anthu ambiri amayamba ndi mitengo chifukwa ndi yomwe ikuoneka yaikulu, n'kumadula tsinde lomwe sakuliona, ndipo chikwanje chimakumana ndi mwala.

Pa mphukira, musamenye mopingasa. Mtengo umakana chitsulo chobwera molunjika, ndipo mphukira yaing'ono imangowerama n'kubweza chikwanje. Menyani chopendeketsa, madigiri pafupifupi 45, kuchokera pamwamba kutsikira pansi, chikhatho chimodzi kuchokera panthaka. Mukaikola ndi ngowe n'kuiweramitsa pang'ono kumbali, khungwa la kunja kwa kupindikako limakungika, ndipo mukamenya pamenepo imatseguka ndi kumenya kumodzi. Yokulirapo, menyani kawiri pamalo oyandikana kuti kachibenthu katuluke, kenako malizani. Chikwanje chikakanirira, musachipotokole cham'mbali. Kumeneko ndiye kubenthula mbali yakuthwa. Chigwedezeni m'mwamba ndi pansi motsata momwe chinalowera.

Samalani ndi mphukira yomwe yapindidwa kale ndi nthambi yogwa kapena ndi ziyangoyango. Ili ngati msampha wotchera. Mukaidula kunja kwa kupindikako imafyatuka n'kukumenyani kumaso. Imani pambali, n'kumaisenda pang'onopang'ono mkati mwa kupindikako mpaka itafooka yokha.

Kankhande sagwiridwa ndi dzanja. Minga yake ina ndi yokhota, ndipo ikakola malaya a mkono womwe ukuponya chikwanje, imasintha njira ya chitsulo chili m'malere. Yambani ndi nthambi zakunja, muzizikokera kutali ndi ngowe, mpaka mutatsegula khomo lofikira patsinde. Musanaponye, yang'ananinso m'mwamba ndi kumbuyo: kachingwe kamodzi ka chiyangoyango kokola nsonga pamwamba pa phewa n'kokwanira kugwetsera chikwanje pamutu.

Bango lili ndi msampha wake womwe umagwira pambuyo. Kudula chopendeketsa kuja kumasiya zisonga, ndipo chisonga cha bango louma chimaboola patapata. Dulani pansi penipeni, ndipo mukamaliza mzere bwererani n'kudula zisongazo kapena kuziphwanya ndi msana wa chikwanje. Bango louma ndi nsungwi zimabunthitsanso chitsulo msanga kuposa mtengo wauwisi, choncho pamenepa tupa izidutsa kangapo ola lililonse. Mlaza umafunanso chikwanje chongonoledwa kumene, chifukwa mapesi ake ndi aulusi komanso aminga m'mbali.

Za anthu awiri aja. Mkono ndi chikwanje pamodzi zimafika mamita 1.3 kuchokera paphewa. Awiri akayang'anana ndi mamita 2.6, chikwanje chisanapulumuke m'manja mwa aliyense. Atalikirane mamita asanu kapena kuposa, aziyenda mbali imodzi, ndipo wofuna kudutsa aitane kaye, "Achimwene, ndikudutsa," n'kudikira mpaka chikwanje chitatsika. Ana obweretsa madzi kapena phala aime kumalire a munda n'kuitana ali komweko.

## Mwendo womwe uli panjira

Tiyeni tione pafupi mmene bala la pamsongolo limabwerera. Munthu wogwira ndi dzanja lamanja waima pa chitsa cha mphukira zisanu. Mwachibadwa waponya mwendo wamanzere kutsogolo, monga timachitira poponya mwala. Dzanja lamanzere lagwira mphukira chapakati. Chikwanje chikuchokera pamwamba pa phewa lamanja, kutsikira kumanzere. Mphukira zinayi zoyamba zinali zauwisi, ndipo iliyonse imafuna mphamvu ndithu. Yachisanu ndi youma mkati, yofumbwa, koma kunja ikuoneka ngati zinzake. Iye akuimenya ndi mphamvu yomwe ija. Chikwanje chikudutsa osamva kanthu, n'kupitiriza njira yake yopita pansi chakumanzere, komwe kuli msongolo, fupa lopanda mnofu wolitchinga.

Palibe chomwe analakwitsa pa kumenya kwachisanuko chomwe sanachite pa kunayi koyamba. Mwendo unali panjira nthawi yonseyi, kungoti mitengo inayi inautchinga.

Kukonza kwake n'kusintha miyendo. Ngati chikwanje chikutsikira kumanzere, mwendo wamanja ukhale kutsogolo, wamanzere kumbuyo, ndipo chodulidwacho chikhale patsogolo panu chakumanzere pang'ono, kuti chitsulo chikapitirira chikathere m'malere kapena m'dothi. Poyamba zimamveka zachilendo, koma thupi limazolowera. Mukamadula chobweza, kuchokera kumanzere kupita kumanja, chitsulo chimathawa thupi, bola muime moti chisathere pa bondo lamanja. Musanamenye paliponse pokayikitsa, yendetsani chikwanje pang'onopang'ono njira yonse, kupitirira mtengowo, muone komwe chikukathera. Ngati chikukathera pa inu, suntha ndinu, osati kungochepetsa mphamvu.

Dzanja lamanzere ntchito yake ndi kugwira ngowe. Ngati simungachitire mwina koma kugwira nthambi, gwirani pamwamba patali ndi podulapo, chikwanje chiziyenda chothawa dzanjalo. Posadza nthambi pa mtengo wogwa, imani mbali ina ya thunthu n'kumadula nthambi za tsidya linalo, kuchokera kutsinde kupita kunsonga, kuti thunthu likhale pakati pa chitsulo ndi miyendo yanu. Magambutsi amathandiza pa minga, zisonga ndi kukhudza kwapang'ono, koma chikwanje chonoledwa bwino chimadula mphira. Musawadalire.

Kagwiridwe nakonso. Kufinya chogwirira ndi zala zonse zisanu kumatopetsa mkono, kumabweretsa matuza, ndipo kumaumitsa dzanja moti simungamve mmene chitsulo chagwera. Gwirani molimba ndi chala chachikulu, cholozera ndi chapakati, zinazo zikhale zomasuka pokweza, n'kuzitseka pomwe chitsulo chikufika pamtengo. Kutsekako n'kumene kumapatsa mutu wa chikwanje liwiro lomaliza, osati mphamvu za paphewa. Mukaona kuti mwayamba kumenya katatu pomwe m'mawa mumamenya kamodzi, imani munole. Ngati chanoledwa koma zikadali choncho, watopa ndinu. Khalani pamthunzi, mwani madzi.

## Chogwirira

Zikwanje zambiri zimatha chogwirira chitsulo chikadali bwino, ndipo apa ndi pomwe timachita zachidule. Matabwa awiri a chogwirira akasweka, munthu amangozenga mphira wa chubu cha njinga n'kupitiriza. Mphira umagwira bwino dzanja likakhala louma, koma ndi thukuta umaterera, umatupitsa matuza, ndipo choipa kwambiri umasandutsa chogwirira kukhala chobulungira. Chogwirira chobulungira chimatembenuka m'manja osakuuzani, chitsulo n'kugwera chagada pamtengo n'kunjanja. Chogwirira chabwino ndi chophwatalala m'mbali ngati dzira, kuti chikhatho chizidziwa chokha komwe mbali yakuthwa yaloza, ndipo kumapeto chimatupa kapena kukhotera pansi kuti chikole kachala kakang'ono.

Kuika chatsopano ndi ntchito ya madzulo amodzi. Semani timatabwa tiwiri ta mtengo wouma wolimba, mlombwa kapena mwanga ngati zidutswa zilipo kwa kalipentala, tochindikala sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mtengo wauwisi umafota ukauma ndipo misomali imayamba kugwedera. Boolani motsata mabowo a pachitsulo, lowetsani misomali yokwana bwino m'mabowomo, idulani kutsala mamilimita awiri mbali iliyonse, n'kuphwanya mitu yake ndi hamala pa chitsulo cholimba. Palani mpaka mitengo ndi chitsulo zifanane, chifukwa kachitsulo kotulukira ngakhale pang'ono kamadya chikhatho. Musapake penti kapena vanishi. Mafuta pang'ono ndi okwanira. Tsiku lililonse musanayambe, gwedezani chikwanje pafupi ndi khutu. Chikamalira kuti kwetekwete, musalowe nacho m'tchire.

Ena amamanga chingwe pachogwirira n'kuchikoleka padzanja kuti chikwanje chisauluke. Ine sindikulimbikitsa zimenezi. Chikwanje chopulumuka chili chomangidwa chimazungulira n'kubwerera ku mkono kapena ku mwendo wa mwini wake. Kuli bwino chiuluke kugwera patchire, anzanu ali mamita asanu aja.

Poyenda chinyamuleni chapambali, nsonga pansi, mbali yakuthwa italoza kunja kwa mwendo, ndipo potsika motsetsereka ngati m'mapiri a ku Namwera chikhale m'dzanja la kumunsi kuti mukaterereka muchiponye kutali. Panjinga chikulungeni m'katoni kapena m'chiguduli chochindikala n'kuchimanga pakaliyala, osati kuchipanira pahandulo. Pochipereka kwa mnzanu, gwirani kumsana n'kumupatsa chogwirira. Popuma musachisiye chogona m'udzu; chibayeni pachitsa pomwe aliyense achione. Madzulo pukutani utomoni, pakani mafuta pang'ono, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri usiku umodzi, ndipo dzimbiri limayambira m'mphepete mopyapyala momwe mwanola.

## Bala likachitika

Mugoneke munthuyo kapena mumukhazike pansi, kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera, mwamphamvu, kwa mphindi 10 osatukula kuti muone. Nsalu ikanyowa, onjezani ina pamwamba. Kwezani mwendo kapena mkonowo. Magazi akaleka, tsukani ndi madzi aukhondo ambiri n'kumanga. Dothi, phulusa, mafuta a galimoto kapena masamba otafuna zisalowe m'balamo. Zimaipitsa bala ndipo dothi ndi lomwe limanyamula tizilombo ta kafumbata.

Ngati bala lili padzanja, muuzeni apinde ndi kuongola chala chilichonse pachokha, n'kumukhudza kunsonga kwa zala kuti anene ngati akumva. Chala chomwe sichikuongoka, sichikupindika kapena chachita dzanzi chikusonyeza kuti mtsempha waduka, ngakhale bala likuoneka laling'ono, ndipo mtsempha wotere sulumikizana wokha. Pamsongolo, bala lofika pafupa lisasungidwe kunyumba. Bala lotseguka kukamwa limasokedwa bwino likafika kuchipatala m'maola ochepa oyamba, choncho pezani kabaza nthawi yomweyo, osati mawa, ndipo kumeneko munene kuti munabayitsa liti katemera wa kafumbata. Ngati magazi akuthamanga modumpha ndipo sakuleka ngakhale mukukanikiza, wina akhale kumbuyo kwa wovulalayo panjinga yamoto, dzanja lili pabala mpaka mutafika.